Bambo a Tadala, muwerenge mukapeza mpata

Bambo a Tadala, ndalemba pafoni chifukwa pamaso ndikati ndiyambe mawu amathawa. Si ndewu ayi, muwerenge mofatsa mukapuma masana.

Lachitatu usiku mutandikhudza ine nkutembenukira kukhoma, ndinamva mmene munausira moyo, simunanene kanthu koma ndinadziwa kuti zakupwetekani, mwina mumtima mukuti sindikukufunaninso kapena pali wina. Palibe ndithu. Ndimakukondani monga kale, chasintha ndi thupi langali.

Taganizani, Tadala ali ndi miyezi 7 ndipo akuyamwabe katatu usiku, 5 koloko ndadzuka kale kuthamangira minibasi ya ku Tsoka, tsiku lonse mwana kumsana kwinaku ndikulimbana ndi makasitomala a kaunjika, pofika madzulo thupi limangofuna aliyense alisiye kaye. Kusikelo sabata yatha ndinalimba mtima nkufunsa anesi, anati zimachitikira amayi ambiri oyamwitsa, homoni yopangitsa mkaka imakwera pomwe esitirojeni imatsika, ndiye chilakolako chimachepa komanso kumauma. Nchifukwa chake maulendo awiri aja ndinamva kuwawa. Sindinakuuzeni, manyazi, ndipo pamenepo ndinalakwitsa chifukwa mukanadziwa bwanji inu. Anati ku famase kuli jelo wothandiza zimenezi, ndikufuna tiyese.

Inunso palibe chomwe mwalakwa pofuna mkazi wanu, musamadzione ngati mukundivutitsa. Kungoti panopa inu mumafuna pafupipafupi ine mwa apo ndi apo, basi.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ndachisowa kwambiri. Mukukumbuka tili ku nyumba ya lendi ija magetsi akathima tinkangokhala pakhonde mutandikumbatira, tikucheza zopanda mutu? Masiku ano ngakhale mukangondigwira phewa ndimazemba, poopa kuti ndikupatsani chiyembekezo kenako ndikukhumudwitseni, ndiye tonse tikugona anjala, inu ya zakuchipinda ine ya kukumbatiridwa. Bwanji masiku ena muzingondigwira tigone choncho, osayembekezera kuti zipitirira? Ndikuona kuti mtima wanga ukamasuka zinazo sizivuta kubwerera.

Ine ndikulonjeza kusiya zonamizira tulo. Ndikatopa ndizinena kuti lero ayi, ndipo tsiku lomwe ndili bwino ndiziyamba ndine, musamangokhala wopempha inu nokha. Usiku ndi umene umandivuta, masana a Lamulungu tikabwera kutchalitchi ndimakhala ndi mphamvu, ndipo alamu anu anati akhoza kumamutenga Tadala maola awiri.

Sindinauze wina aliyense kupatula anesi aja, ngakhale ankhoswe, nkhaniyi ndi ya ife awiri. Ndanena zanga zambiri koma zanu sindinazimve, ndikufuna mundiuze mmene zakhala zikukukhudzirani ngakhale zili zowawa kumva, sindikwiya. Mukamaweruka mugule chiwaya cha awiri, mwana akagona tikhale pakhonde tikambirane.

Ndine wanu, make Tadala