Kalata ya makolo yolola Tadala Kamwendo kupita ku Zambia ndi azakhali ake

Area 25,
Lilongwe,
Malawi.

4 Ogasiti 2025

Kwa akuluakulu oona za olowa ndi otuluka m'dziko pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, apolisi a Malawi ndi a Zambia, madokotala, ndi aliyense amene angafune kudziwa za mwanayu,

Olemekezeka,

CHILOLEZO CHOTI MWANA WATHU AYENDE NDI MAYI LOVENESS TEMBO

Ine ndine Esnart Kamwendo, mayi wake womubereka wa Tadala Kamwendo. Ndikulemba kalatayi pamodzi ndi amuna anga, bambo Lameck Kamwendo, omwe ndi bambo ake a mwanayu. Tonse ndife nzika za Malawi, kwathu ndi kwa Mfumu Yaikulu Kalumbu m'boma la Lilongwe, koma tikukhala ku Area 25. Tikudziwitsa aliyense wowerenga kuti tagwirizana, popanda wotikakamiza kapena kutilonjeza kanthu, kulola mwana wathu kutuluka m'dziko muno kupita ku Lusaka ali m'manja mwa azakhali ake.

Tadala ndi mtsikana wa zaka 9, anabadwa pa 14 Malichi 2016 ku Lilongwe, ndipo wangomaliza kumene Sitandade 4. Pasipoti yake ndi ya Malawi, nambala MA738215. Ndi wamtali pa msinkhu wake, ali ndi kachipsera pamwamba pa nsidze ya kumanzere komwe anadzipweteka pa khonde ali ndi zaka zitatu. Pa chithunzi cha m'pasipoti anali wometa, pano tsitsi analuka, choncho musadabwe akaoneka wosiyanako. Amayankhula Chichewa. Ndi wamanyazi kwa anthu ovala yunifolomu, koma mukamufunsa mofatsa akuuzani dzina lake, mayina athu ndi komwe akupita.

Womutenga ndi mayi Loveness Tembo, a zaka 46, pasipoti ya Malawi nambala MA604972. Iwowa ndi alongo awo a amuna anga, bere limodzi, ndipo kwa ine ndi alamu anga. Dzina lawo la kwa makolo ndi Kamwendo. La Tembo ndi la ku banja. Tafotokoza izi chifukwa mayina a m'mapasipoti awiriwa ndi osiyana, ndipo tikudziwa kuti zoterezi zimadzetsa mafunso pa chipata. Mayi Tembo amudziwa Tadala kuyambira tsiku lobadwa, ndiwo anandidikirira kuchipatala, ndipo mwanayu wakhala akugona kwawo nthawi zambiri za tchuthi. Palibe munthu wina amene tikanamupatsa mwana wathu kuti adutse naye malire.

Cholinga cha ulendowu ndi ukwati wa msuweni wake wa Tadala womwe udzachitike Loweruka pa 16 Ogasiti 2025 ku Lusaka. Tadala ali m'gulu la ana operekeza akwati. Ukwati ukadzatha adzatsalira masiku angapo kuti acheze ndi agogo ake aakazi, omwe akalamba ndipo sangathenso kuyenda ulendo wautali wa pa basi. Ife makolo sitikwanitsa kupita: amuna anga sanapatsidwe tchuthi kuntchito, ndipo ine ndili ndi khanda la miyezi iwiri.

Adzanyamuka ku Lilongwe pa basi Lachitatu pa 13 Ogasiti 2025, kudutsa chipata cha Mchinji ndi Mwami, kenako Chipata, Katete, Petauke, Nyimba ndi mlatho wa Luangwa mpaka ku Lusaka. Kumeneko adzafikira ku Chilenje, m'nyumba ya agogo akewo, mayi Enelesi Kamwendo. Pobwerera adzadzera njira yomweyo Lachitatu pa 27 Ogasiti 2025. Basi ikadzavuta kapena wina akadzadwala, tikulola kuti achedweko, koma chilolezochi chidzatha mphamvu pa 31 Ogasiti 2025. Tadala akuyenera kukhala ali pakhomo sukulu zisanatsegulire mu Sepitembala.

Tikupereka mphamvu kwa mayi Tembo yosunga pasipoti ndi mapepala onse a mwanayu, kumulembera mafomu pa chipata, kumuyankhira, ndiponso kumusankhira pogona ndi chakudya pa ulendo wonsewu. Ndalama ya basi, ya chakudya ndi ya chipatala tapereka kale ife makolo.

Za umoyo wake tikupempha muwerenge mosamala. Tadala ali ndi mphumu. Imakonda kumuyamba usiku kukazizira, kapena akapuma fumbi ndi utsi, ndipo mwezi wa Ogasiti ndi wamphepo ndi fumbi. Mankhwala ake opopera mkamwa, aja a kabotolo kabuluu, ali m'kachikwama kamene azikakoleka yekha paphewa; asaikidwe m'katundu wa pansi pa basi. Amadziwa kupopera yekha. Akapopera koma chifuwa n'kumalirabe, kapena akamalephera kumaliza mawu chifukwa cha befu, athamangire naye kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche kapena kuti atipeze kaye pa foni. Chachiwiri, mwanayu sayanjana ndi mankhwala a Bakitirimu. Atamwa ali ndi zaka zisanu anatuluka zidzolo thupi lonse, milomo n'kutupa, ndipo adokotala analemba m'buku lake la kuchipatala kuti asadzapatsidwenso. Bukulo alitenga. Akadzatentha thupi, ayezedwe kaye malungo asanamwe mankhwala alionse. Pakagwa zadzidzidzi zofuna kuti agonekedwe, aikidwe magazi kapena achitidwe opaleshoni, ndipo ife sitikupezeka msanga, mayi Tembo asaine m'malo mwathu ndipo madokotala alandire dzanja lawo ngati lathu.

Malire a chilolezochi ndi awa. Ndi cha dziko la Zambia lokha. Mwanayu asapitirire ku dziko lina lililonse. Ndi cha mayi Tembo okha. Sangamusiye m'manja mwa munthu wina kuti ayende naye, ngakhale wachibale, pokhapokha ife titalemba kalata ina. Sitikumupereka kuti akaleredwe kumeneko, akalowe sukulu kapena akagwire ntchito ya mtundu uliwonse. Alamu anga amva zonsezi ndipo avomera. Tazilemba poyera chifukwa tikudziwa kuti ana ena amatulutsidwa m'dziko monamiziridwa kuti akukaona abale, n'chifukwa chake dziko lathu linakhazikitsa lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu mu 2015. Ife sitidandaula mukawafunsa mafunso ochuluka, ngakhale kumufunsa mwanayo payekha. Pempho lathu ndi loti azakhali ake akhale pamalo poti iye aziwaona, chifukwa aka n'koyamba kuyenda popanda ine.

Pamodzi ndi kalatayi taphatikiza makope a chiphaso chobadwira cha Tadala chochokera ku bungwe la kalembera la NRB, pomwe pali mayina athu tonse awiri; makope a ziphaso zathu za unzika; makope a mapasipoti a Tadala ndi mayi Tembo; ndi khadi loitanira ku ukwati. Makope onse adindidwa. Nambala zathu za foni, pamodzi ndi ya kunyumba ya ku Chilenje, tazilemba ndi peni kuseri kwa pepalali komanso pa kakhadi kamene kali m'chikwama cha mwanayu. Tiimbireni nthawi iliyonse, usana kapena usiku. Pakakhala vuto lalikulu ali ku Zambia, tikupempha kuti ofesi ya kazembe wa Malawi ku Lusaka idziwitsidwe.

Tikutsimikiza kuti zonse talembazi ndi zoona, ndipo palibe khoti kapena munthu amene akutsutsana nafe pa za kasungidwe ka mwanayu. Chonde athandizeni ayende bwino.

Ife makolo,

Esnart Kamwendo, mayi wa mwana
Lameck Kamwendo, bambo wa mwana

Ine Loveness Tembo ndawerenga kalatayi ndipo ndavomera kusamalira Tadala pa ulendo wonse ndi kudzamubweza kwa makolo ake pa tsiku lomwe tapangana.

Loveness Tembo, azakhali a mwana

Onse atatu asaina pamaso panga ataonetsa ziphaso zawo, ku Lilongwe, lero pa 4 Ogasiti 2025.

Gift Chimwaza, loya wolumbiritsa anthu