Kalata yopempha kukonza suti

Area 25B
Lilongwe
6 Okutobala 2025

Okondedwa Bambo Phiri,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi banja lonse ku Kawaleko. Ife kuno tili bwino.

Ndikulemba kalatayi pa nkhani ya suti yabuluu imene ndinadzatenga Loweruka lapitali. Inuyo sindinakupezeni, anyamata anu anati mwapita kumaliro ku Nathenje. Pepani ndi zovutazo. Poti kumashopu kunali kutseka, anangondipatsa sutiyo m'pepala osaiyesa. Nditafika kunyumba ndinaivala pamodzi ndi shati ndi nsapato zomwe ndidzavale tsiku la ukwati, ndipo ndinaona kuti sikundikwana bwino.

Kasokedwe kokha ndilibe nako mawu. Misoko ndi yowongoka, matumba akhala bwino, nsalu yam'kati mwaiika mwaukhondo. Vuto lili pa muyeso.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi jekete. Ndikamanga batani lapakati, nsalu ikukokana pamimba mpaka makwinya kuoneka mbali zonse ziwiri, ndipo kolala ikunyamuka kumbuyo kwa khosi m'malo mogona pa shati. M'khwapa namo mukuthina. Ndinayesa kutambasula manja ngati ndikupereka moni, kumsana kunakoka zolimba moti ndinaopa kuti msoko uphulika. Mukudziwa mmene tsikuli limakhalira kwa bambo wa mkwatibwi: kumulowetsa mwana m'tchalitchi, kupereka moni kwa alendo, kenako pelekanipelekani masana onse, kutentha kwa Okutobala kuli pomwepo. Jekete yoti munthu sangakweze nayo dzanja sindingathe kukhala nayo mpaka madzulo. Manja ake atalikanso, akufika pakati pa chikhatho n'kubisa shati yense. Ndikadakonda atathera pamfundo ya dzanja kuti shati azionekera pang'ono. Mwina kudula inchesi imodzi ndi theka kungakwane, koma mudzaona nokha ndi tepi.

Buluku sindikuona kuti ingakuvuteni. M'chiuno ikuthina, kuti ndimange batani ndiyenera kubweza mimba, ndipo ndikakhala pansi matumba akuyasama. Ndinaitembenuza ndipo ndinaona kuti pamsoko wakumbuyo munasiyapo nsalu yokwanira, choncho mukamasula n'kuwonjezera mainchesi awiri zikhala bwino. Miyendo ikukhweba pansi kuchidendene, ingofunika kupindanso.

Pamene ndikufuna mundiuze zoona ndi pa jekete. Ndikudziwa kuti kubweza chovala chachikulu n'kosavuta kusiyana ndi kukulitsa chaching'ono, komanso kuti m'mapewa ndi m'khwapa si malo ongomasula msoko basi. Ngati m'misoko yam'mbali ndi yakumsana muli nsalu yoti n'kuwonjezera, chonde teroni. Koma ngati mukuona kuti kukonzako kuwononga maonekedwe a jekete, musandibisire poopa kundikhumudwitsa. Ndiuzeni sabata ino, nthawi ikadalipo. Nsalu ija ndinagula mamita atatu ndi theka ku Area 2, ndipo ndikafunsa ngati yamtundu womwewo ikadalipo kuti mwina tidule mbali zina zatsopano. Zidutswa zimene zinatsala musataye.

Chimene chinalakwika sindikufuna kuchita kuloza munthu chala. Ndingokupemphani kuti muonenso m'buku lanu miyeso imene munalemba tsiku lomwe munandiyeza mu Ogasiti, muifananize ndi sutiyi. Nthawi imeneyo munali ndi ntchito yambiri ya maukwati, ndiye n'kutheka kuti manambala anasokonekera ndi a munthu wina podula. Tinagwirizananso kuti mudzandiitana kudzayesa musanamalize kusoka, koma uthengawo sunandifike. Zikadatero, zonsezi tikadaziona jekete isanaikidwe manja.

Ndalama zonse zosokera, K150,000, ndinamaliza kupereka ndipo lisiti ndili nalo. Poti vuto ndi la muyeso, ndikuyembekeza kuti kukonzaku simundilipiritsanso. Koma ngati pangafunike kugula nsalu ina, tikhala pansi tikambirane.

Sutiyi ndamupatsira mphwanga amene wakubweretserani kalatayi, kuti muyambe mwaiona. Ineyo pakati pa sabata ndimaweruka mochedwa ku Kanengo, choncho ndibwera Loweruka pa 11 Okutobala cha m'ma 9 koloko m'mawa kuti mundiyezenso nditavala, muike zizindikiro ndi choko. Ukwati uliko pa 25 Okutobala. Ndikupempha kuti zonse zikhale zitatha pofika pa 18, kuti ngati pali kena kotsalira tikhale ndi sabata yokonzera. Ngati tsiku la Lowerukalo simupezeka, mumuuze mnyamatayu tsiku lina limene mungathe.

Mwakhala mukutisokera zovala kwa zaka zambiri, kuyambira mayunifolomu a ana, ndipo mwana amene akukwatiwayu ndi mmodzi mwa iwo. N'chifukwa chake sutiyi ndaibweza kwa inu, sindinafune kuti telala wina aikemo lumo.

Mundiperekere moni kwa amayi kunyumba.

Ndine wanu,

L. Chimwaza