Mutu: Yankho langa pa ntchito ya akauntanti wa madepoti

Okondedwa Mayi Chirwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse ku ofesi. Kalata yanu ya pa 9 Juni, yondiuza kuti mwandisankha kukhala akauntanti woyang'anira madepoti anu kuyambira pa 1 Julayi, ndinailandira ndi manja awiri. Zikomo kwambiri pondikhulupirira chotere. Koma nditaiganizira mofatsa nkhaniyi ndi kukambirana ndi akubanja, ndaona kuti sinditha kuyamba ntchitoyi panopa. Munandipatsa masabata awiri oti ndiyankhe, koma ndati ndikudziwitseni lero lomwe kuti mupeze mpata woitana wina mwa anzanga amene tinali nawo pa intavyu, asanalonjeze kwina.

Ndikufuna mumve chifukwa chake kuchokera kwa ine mwini, kuopa kuti mungaganize kuti nkhani ndi ya malipiro. Ayi ndithu. Malipiro amene munalemba ndi abwino, kuposa amene ndikulandira kuno ku Limbe, ndipo sindikukana kuti mundiwonjezere. Chandigwira mwendo ndi maulendo. Monga munafotokozera, chaka choyamba ndiyenera kumakhala masabata awiri mwezi uliwonse ku madepoti a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Tsiku la intavyu ndinavomera ndi mtima wonse, poti nthawi imeneyo mchemwali wanga ndiye amaperekeza mayi athu kuchipatala. Sabata yathayi iye wauzidwa kuti akumusamutsira ku Karonga, ndiye udindowu wagwera ine. Mayi amalandira chithandizo ku Gulupu kawiri pa sabata, ndipo pamafunika munthu wowanyamula m'mamawa kuchokera ku Chilomoni, kuwadikira, ndi kumva zimene adokotala anena. Munthu ali ku Mzuzu, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi, sangachite zimenezi. Ndikanatha kuvomera n'kumadzapempha tchuthi mwezi ndi mwezi, koma kumeneko kukanakhala kukupusitsani, ndipo ntchito yanu ikanaima.

Kunena zoona, kukana kumeneku kwandiwawa. Titatha mafunso tsiku lija, Bambo Kamwendo ananditenga kukaona mosungira katundu ku Makata kuja. Ndikukumbukirabe fungo la mtedza wokazinga titangolowa, komanso makadi a katundu atapachikidwa pa mulu uliwonse wa matumba, olembedwa tsiku lomwelo, osati a dzana. Ndinawerenga mulu umodzi chamumtima ndipo unafanana ndendende ndi zolembedwa pakhadi. Ndagwira ntchito yowerengera ndalama zaka 7 chimalizireni maphunziro ku Polytechnic, imene pano ndi MUBAS, ndipo ndikudziwa kuti malo amene makadi ndi katundu zimagwirizana chonchi amakhala ndi anthu osamala. Ndinabwerera pa minibasi ya ku Limbe ndikudziona kale ndili mmodzi wa inu.

Pa intavyu munandifunsa mmene tingachepetsere kusiyana kwa ziwerengero pakati pa madepoti ndi likulu pakutha pa mwezi, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzalemba maganizo anga bwinobwino. Lonjezo ndi ngongole, choncho ndaphatikiza tsamba limodzi ku imelo ino. Mfundo yaikulu ndi yakuti depoti iliyonse iziwerenga katundu Lachisanu lililonse m'malo modikira mwezi uthe, kuti cholakwika chizigwidwa chikadali chaching'ono, komanso kuti ziwerengero za VAT zizikhala zokonzeka tsiku lokapereka ku MRA lisanayandikire. Mugwiritse ntchito mmene mungaonere, palibe chimene ndikuyembekezerapo.

Pempho langa ndi limodzi. Ngati n'kotheka, musataye makalata anga ofunsira ntchito. Adokotala akuti adzaunikanso chithandizo cha mayi kumayambiriro a chaka chamawa, ndipo nthawi imeneyo ndidzakhalanso nditalemba mayeso anga omaliza a ICAM. Zinthu zikadzapepuka kunyumba, maulendo sadzandivutanso. Ndipo ngati pakati apa patatseguka malo a ku likulu konkuno ku Blantyre, osafuna kugona kunja, chonde mundikumbukire. Ndidzabwera kudzayesedwanso ngati wina aliyense, sindikupempha kuti mundisungire mpando.

Mundiperekereko moni ndi kuthokoza kwanga kwa Bambo Kamwendo ndi ena onse amene anali pa intavyu, komanso kwa achemwali a polandirira alendo amene anandibwereka ambulera pamene kunkawaza chiperoni. Ambulerayo ndidzabweza Lachinayi masana popita ku Ginnery Corner, ndipo ngati mudzakhalepo ndingakonde kudzakupatsani moni pamaso.

Ndine wanu,

Tadala Mbewe