Moni wochokera kwa anzanu a banki m'khonde

Amayi a Chisomo,

Muli bwanji kumeneko, nanga ana? Ndine Nabanda, mlembi wa gulu lathu la Lachinayi. Uthenga uno tagwirizana anthu atatu, ine, amayi apampando ndi asungichuma. Ena onse sakuudziwa, ndipo sitiuwerenga pagulu.

Takusowani, mayi. Sitikufunsa chimene chachitika, chifukwa za pakhomo mwini wake ndiye amadziwa pozinenera. Tangofuna kukupatsani moni, komanso kukuuzani mmene ndalama zanu zilili kuti zisamakusowetseni tulo.

Masheya anu ndi 46. Pa mtengo wathu wa K2,000 sheya imodzi, ndiye kuti muli ndi K92,000. Kabuku kanu kali m'bokosi pamodzi ndi ta anzanu, zidindo zake zikugwirizana ndi zimene zili m'kaundula wanga. Ngongole mulibe, ija ya mu Epulo munamaliza yonse ndi chiwongoladzanja chomwe. Za chindapusa cha K200 cha kujomba musaziganizire n'komwe. Malamulo athu amalola komiti kupumitsa membala, ndiye pa dzina lanu ndalemba kuti muli pa tchuthi, osawonjezerapo mawu ena. Ntchito yanu yowerenga ndalama agwirizira amayi a Yamikani. Akuyesetsa ndithu, koma ma K500 opindikapindika aja amawawerenga katatu, mpaka amayi apampando kuyamba kuyang'ana dzuwa.

Ngati mukufuna kumaponyabe masheya muli kunyumba, n'zotheka. Mutha kupatsira munthu amene mumamukhulupirira, kuyambira sheya imodzi mpaka asanu pa sabata monga mwa nthawi zonse, kuphatikizapo K500 ya thumba la chithandizo. Mukasankha kutumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, tumizani pa nambala ya asungichuma imene muli nayo kale, Lachinayi isanakwane 12 koloko masana, kuti apeze mpata wokatapa kwa ejenti. Muikepo ndi kotapira, apo ayi sheya imaperewera pang'ono ndipo sitingadinde sheya yosakwana. Chinanso, mukatumiza kudzera kwa ejenti kapena pa foni ya munthu wina, dzina limene limafika si lanu, choncho mutumize kauthenga konena kuti ndalamayo ndi yanu. Timalemba ndi kudinda pamsonkhano pokha, bokosi litatsegulidwa ndi makiyi onse atatu anthu akuona, ndiye yofika mochedwa imadikira sabata yotsatira. Sitayika ayi, imangochedwa kulowa m'kabuku.

Ngati panopa kuponya sikutheka, ingosiyani. Masheya 46 aja apitiriza kubereka limodzi ndi a tonsefe, ndipo pogawana mudzalandira molingana ndi kuchuluka kwake. Chaka chino tigawana Lachinayi lachiwiri la Novembala, kuti anthu agule feteleza ndi mbewu mvula isanagwe. Mukadzalephera kubwera tsikulo, mudzangondiuza dzina la wodzakutengerani, kapena awiri a m'komiti adzakubweretserani.

Mwina mwaona kuti ndi bwino kusiya gululi. Palibe amene angakudandauleni, ndipo pamsika tizipatsanabe moni ngati kale. Langizo lathu n'lakuti mudikire tsiku logawana, chifukwa malamulo athu amati wotuluka pakati pa chaka amatenga masheya ake okha popanda phindu, komanso amadikira kuti obwereka abweze kaye ngati m'bokosi muli zochepa. Komabe ndalama ndi zanu, mukazifuna msanga tiuzeni tione mmene tingachitire.

Musaiwalenso thumba la chithandizo lija. Munasonkhamo ngati wina aliyense, ndipo si ngongole, sabweza. Likafunika, nenani kwa amayi apampando okha. Pagulu timangotchula kuti membala wathandizidwa ndi ndalama zakutizakuti, nkhani yake sitifotokoza. Ngati chofunika si ndalama, kaya ndi wokutungirani madzi, wokupitirani kuchigayo kapena woti mungocheza naye, manja alipo. Sitibwera kwanu modzidzimutsa, tidikira mutiitane.

Malo okumanira tasintha. Chifukwa cha mphepo ya mwera tinachoka pansi pa mtengo wa mango paja, tsopano tikukhala pakhonde pa amayi apampando, kuseri kwa mjigo. Nthawi ndi yomweija, 2 koloko masana. Tsiku limene mungafune kubwera, ingofikani, ngakhale opanda kanthu m'manja, ngakhale kungokhala pang'ono n'kumapita. Tidzakulandirani ndi moni basi, mafunso ayi.

Kuyankha uthenga uno sikokakamiza. Mukafuna kuti ndikuimbireni, ingoflashani, ndiimba ine kuti musawononge mayunitsi. Mukakhala chete, sindikuvutitsaninso mpaka kumayambiriro kwa Novembala, pamene ndidzakukumbutsani za kugawana.

Mupereke moni kwa Chisomo ndi onse pakhomopo.

Ine mnzanu,
Nabanda