Kalata ya ku Moatize

Uthenga udalowa pa foni ya Chisomo tambala woyamba asanalire. Chinali chithunzi cha pepala lojambulidwa mopendekeka pamphasa, chala cha mchimwene wake chitaphimba ngodya ya m'munsi. Pansi pake Limbani adalemba kuti: "Achemwali, kuno zanga zada. Amayi musawauze kaye."

Limbani anali atatha miyezi itatu akuwotcherera zitsulo pa kampani ina yokonza magalimoto onyamula malasha ku Moatize, m'dziko la Mozambique. Pakamwa sankavutika, poti Chinyungwe cha anzake ankachitolatola. Koma kalata ya ku ofesi idabwera m'Chipwitikizi chokhachokha, ndipo kapitawo pomupatsa adangoti asayine pofika Lolemba. Kuwonetsa anzake adachita manyazi. Adangolozera mlonda wa pageti liwu limodzi la mumzere woyamba, cessa, mlondayo n'kumuuza kuti ndiye kuti chinthu chatha. Usiku umenewo adalongedza chikwama.

Kutacha Chisomo adatsekera amayi ake m'maso kuti akupita kukapikula kaunjika. Adakwera minibasi ku Ndirande, n'kusintha ina ya ku Limbe. Pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika pamakhala a Zuze atelala, omwe adathawa nkhondo ku Mutarara mu 1986 ndipo anzawo pobwerera iwo adatsalira mkazi wa ku Bangwe.

A Zuze adapukuta magalasi ndi kansalu ka chitenje, n'kuitalikitsa foniyo kumaso.

"Mwanangu, wajambula uyu amanjenjemera? Muimbire, ajambulenso panja pali dzuwa. Chalacho achotse."

Chithunzi chachiwiri chidatenga nthawi kuti chitseguke, netiweki ikuchita kukoka. Chitafika, Chisomo adaimba n'kuika foni pa makina osokera kuti onse azimva.

"Agogo, ingondiuzani tsiku loti ndichoke," adatero Limbani, mawu ali pansi.

"Ukuthamangira kuti? Kalata sayamba kudyedwa kumchira ngati nzimbe yakuba. Apa akuti cessa, zoona, chatha. Koma chatha n'chiyani? Período probatório. Nthawi yokuyesa, mwana iwe. Miyezi itatu ija amakuonera ngati manja ako ndi a ntchito."

Ku Moatize kudangoti zii. Kenaka kudamveka kulira kwa lole ikudutsa.

"Ndiye kuti sanandichotse?"

"Dikira, ndisakunamize. Chipwitikizi changa n'cha kusukulu ya ansembe, cha maofesi chimandizemba." Adayendetsa chala pa galasi, milomo ikugwedera. Liwu lina lidawakanika mpaka adaitana mnzawo wogulitsa zipi kuti athandizane, awiriwo n'kukanganapo kaye pang'ono. "Eya. Akukupatsa kontalakiti ya zaka ziwiri. Malipiro akwera, alemba mametikashi 18,000 pamwezi."

Chisomo adaomba m'manja mpaka amayi ena odikira diresi lawo adatembenuka.

"Nanga pamene alemba desconto ndi 3% paja?" adafunsa Limbani. Tsopano mawu anali atabwerera m'malo. "Ine ndimayesa akunditchipitsira katundu kusitolo ya kampani."

A Zuze adaseka mpaka kutsokomola. "Kutchipitsa kwa ndani! Kumeneko n'kudula. Azikudula zitatu pa 100 iliyonse kupita ku INSS, thumba la boma la penshoni. Usadandaule nazo, aliyense wolembedwa ntchito kumeneko amadulidwa."

Padatsala ndime yomaliza, ija idabisika ndi chala poyamba. Mkuluyo adaiwerenga kawiri chamumtima, n'kuvula magalasi.

"Apa ndiye pali fupa. Ntchitoyi si ya ku Moatize. Pa 1 mwezi wamawa ukayambire ku Nacala, kudoko. Nyumba akupatsa, koma tchuthi ndi mpaka utakwanitsa chaka."

Chisomo adaleka kumwetulira. Kuchokera ku Tete, Limbani ankangokwera basi m'mawa, kudumpha pa Zobue ndi Mwanza, madzulo ali ku Ndirande akudya nsima ya amayi. Ndipo chinkhoswe chake ndi Tadala chinali chitakonzedwa kale cha mu Ogasiti.

"Nacala ndi kutali bwanji, agogo?"

"Njanji ya malasha anuwo ndi makilomita opitirira 900. Imadutsa kwathu konkuno, pa Nkaya ndi Liwonde, koma sitima imeneyo sikweza munthu."

Limbani adapempha kuti amuwerengerenso kalata yonse kuyambira pamwamba, pang'onopang'ono, iye akulemba m'Chichewa kuseri kwa katoni ya sopo. Adafunsa kawiri za tchuthi, yankho silidasinthe. Atamaliza adati, "Achemwali, amayi muwauze za malipirozo. Za Nacala ndiwauza ndekha. Kwa a Tadala musapiteko."

"Usayina?"

"Lolemba lilipo kutali. Mayunitsi akutha."

Foni idaduka. Chisomo adatulutsa K2,000 kuti athokoze, koma a Zuze adaikankha ndi sizasi, n'kuponda makina.

"Ukagule mayunitsi. Ameneyo aimbanso usiku."