Kalata Yopempha Kupuma Pantchito Msinkhu Usanakwane

Matero,
Lusaka.

2 Juni 2025

Kwa Mkulu Woyang'anira Antchito,
Kudzera kwa Mkulu wa Nthambi ya Nkhokwe,
Msewu wa Lumumba,
Lusaka.

Wolemekezeka Bwana,

PEMPHO LOPUMA PANTCHITO NDI MAFUNSO OKHUDZA PENSHONI NDI NDALAMA ZOPUMIRA

Ndalemba kalatayi kupempha kuti mundilole kupuma pantchito yanga yoyang'anira nkhokwe ya katundu, ndipo tsiku langa lomaliza likhale la 31 Disembala 2025. Ndinayamba ntchito pakampani pano pa 2 Malichi 1998 monga kalaliki wolandira katundu, ndipo pofika tsiku ndatchulalo ndidzakhala nditatumikira zaka zoposa 27. Pakalipano ndili ndi zaka 56, pamene malamulo a kampani amati wantchito azipuma akakwanitsa zaka 60. Ndikudziwa tsono kuti ndikupempha kuchoka kutatsala zaka zinayi, ndipo n'chifukwa chake ndakudziwitsani miyezi yambiri nthawi isanafike.

Sindikuchoka chifukwa cha dandaulo lililonse. Ntchito ya m'nkhokwe imafuna munthu woimirira kuyambira m'mawa pamene malole akutsitsa katundu mpaka madzulo pamene tikutseka mabuku, ndipo msana wanga sukulolanso zimenezi. Masiku owerenga katundu kumapeto kwa mwezi, ndimafunika kukwera makwerero kukaona mashelefu apamwamba, koma tsopano ndimatuma achinyamata n'kusaina ziwerengero zimene sindinazione ndi maso anga. Zimenezi zimandivutitsa mumtima, pakuti siginecha ya woyang'anira nkhokwe iyenera kutanthauza kuti iye mwini waona. Kalata ya dokotala amene wakhala akundiona ndaiphatikiza. Kuwonjezera apo, mkazi wanga akudwala matenda a shuga, ndipo tagwirizana zobwerera kwathu ku Katete, kumene kuli munda ndi abale otithandiza.

Musanavomereze pempholi, ndikupempha kuti ofesi yanu indilembere papepala ndalama zonse zimene ndiyenera kulandira ndikapuma chaka chino, pambali pake pakhale zimene ndikanalandira ndikanadikira mpaka zaka 60. Pa msinkhu wangawu sindidzalembedwanso ntchito kwina, choncho zimene ndidzatuluke nazo pano n'zimene zidzasunge banja langa. Mwana wathu womaliza adakali ku koleji ndipo watsala ndi zaka ziwiri. Sindikufuna kudzamva za kusiyana kwa ndalamazi nditabweza kale makiyi.

Nkhani imene ikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ya NAPSA. Ndakhala ndikudulidwa 5 peresenti ya malipiro anga mwezi ndi mwezi, kampani n'kumaikaponso 5 peresenti, kuyambira pamene bungweli linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2000. Miyezi imene ndasonkha yaposa kutali 180 imene imafunika kuti munthu azilandira penshoni ya mwezi uliwonse. Komabe, nditatenga sitetimenti yanga mwezi watha, ndinapeza kuti miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti 2011 palibe chimene chinalembedwa, chonsecho mapepala anga a malipiro a miyezi imeneyo, amene ndinasunga, akuonetsa kuti ndalama zinadulidwa. N'kutheka kuti zinatumizidwa pa nambala yolakwika, chifukwa nthawi imeneyo n'kuti ofesi ya malipiro ikusintha kuchoka pa mabuku kupita pa kompyuta. Ndikupempha kuti a ofesi ya malipiro afufuze m'mafayilo awo, ndipo akapeza umboni wa kutumizako, alembere NAPSA kuti akonze ndisanapereke mafomu opempha penshoni. Miyezi itatu ingaoneke yochepa, koma ndikadzakhala ku Katete, kubwera ku Lusaka kudzalondola nkhani yotere kudzakhala kovuta ndi kodula.

Pa nkhani yomweyi, lamulo la penshoni litasinthidwa mu 2015 panaikidwa misinkhu itatu yopumira, ya zaka 55, 60 ndi 65. Ine ndinalowa m'bungweli kusinthaku kusanachitike. Ndikupempha kuti mundifotokozere mmene kampani idzalembere kupuma kwanga pa mafomu, ngati kupuma msanga kapena ngati kupuma pa msinkhu wake, popeza zimenezi zingakhudze kuchuluka kwa ndalama za mwezi ndi mwezi. Ndikudziwitseninso kuti mu 2023, boma litalola mamembala kutapako 20 peresenti ya zosonkha zawo, ine ndinatapako n'kufolera nyumba ya kumudzi ndi malata, ndipo ndikudziwa kuti zimenezi zidzachepetsa penshoni yanga. Zaka ziwiri zoyambirira za ntchito yanga ndinkasonkha ku thumba lakale la ZNPF, choncho ngati nambala yanga ya nthawi imeneyo ili m'fayilo yanga, chonde mundipatse.

Palinso thumba la penshoni la kampani, limene ndinalowa mu 2006. Ndikufuna kudziwa kuti muli ndalama zingati m'dzina langa, mbali yanga ndi mbali ya kampani, ndiponso ngati malamulo a thumbali amachotsako kanthu kwa munthu wopuma asanakwanitse zaka 60. Ndingakondwe kudziwa gawo limene ndingatenge nthawi imodzi ndi gawo limene lidzasanduke malipiro a mwezi, komanso zimene mkazi wanga angalandire ine nditatsogola.

Za ndalama zopumira zimene kampani yokha imapereka, mgwirizano wathu wa ntchito umati zimawerengedwa potengera zaka zimene munthu watumikira. Funso langa n'lakuti kodi mudzawerengera pa malipiro enieni okha, kapena pamodzi ndi alawansi ya nyumba ndi ya mayendedwe? Masiku anga a livi amene sindinatenge, malinga ndi pepala la malipiro la mwezi wa Meyi, ndi 74, ndipo ndikupempha kuti asinthidwe kukhala ndalama. Ngongole ya K8,400 imene ndatsala nayo kukampani muichotse pa ndalama zomwezo. Mundiuzenso ngati kampani idzathandiza kunyamula katundu wa m'nyumba kupita ku Katete.

Ndime 188 ya Malamulo Aakulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, imati ndalama za penshoni zisadulidwe msonkho, ndipo ndime 189 imati munthu amene sanalipidwe ndalamazi pa tsiku lake lomaliza asiye ntchito koma dzina lake likhalebe pa mndandanda wa olandira malipiro kufikira atalipidwa. Ndikupempha mwaulemu kuti mundiuze mmene kampani imatsatirira ndimezi kwa munthu wopuma msanga ngati ine, ndalama ziti zidzadulidwe msonkho wa ZRA, ndi tsiku limene ndingayembekezere kulipidwa. Chifukwa cha matenda a mkazi wanga, ndikufunanso kudziwa tsiku limene chithandizo cha kuchipatala cha kampani chidzathe, ndi zimene ndiyenera kuchita kuti khadi lathu la NHIMA lipitirize kugwira ntchito.

Miyezi yatsalayi ndidzaigwiritsa ntchito pophunzitsa amene mudzamusankhe kulowa m'malo mwanga, ndipo ndikuganiza kuti ndi bwino tidzawerengere limodzi katundu yense kumapeto kwa Novembala, kuti adzalandire nkhokwe mabuku ali olongosoka. Pochoka ndidzafuna satifiketi yosonyeza zaka zimene ndagwira ntchito.

Ndingayamikire kwambiri nditalandira yankho lolembedwa pofika pa 31 Julayi 2025, ndipo ndili wokonzeka kubwera ku ofesi yanu tsiku lililonse limene mungandiitane, nditatenga mapepala onse ndatchulawa. Ndikuthokoza kampani chifukwa cha zaka zonsezi, zimene zandithandiza kulera ndi kuphunzitsa ana anga.

Ine wanu wokhulupirika,

Woyang'anira Nkhokwe ya Katundu,
Nthambi ya Msewu wa Lumumba.

Zophatikizidwa: kalata ya dokotala, sitetimenti ya NAPSA, ndi makope a mapepala a malipiro a Juni, Julayi ndi Ogasiti 2011.