Mawu a kapitawo poyamba shifiti ya m'mawa ku fakitale ya tiyi, Lachiwiri

Mwadzuka bwanji nonse? Senderani pafupi, mafani akusokosa ndipo sindikufuna kukuwa. Amayi kumbuyoko, lowani mkati, mvula ikukuwazani pakhomopo. Ndilankhula mwachangu chifukwa pofika 6:15 ndikufuna makina onse awiri akudula.

Anzathu a usiku atisiyira ntchito. Lamba wa laini yachiwiri anaduka cha m'ma 1 koloko ndipo anaima maola atatu amakanika asanamulumikize. Ndiye m'mathirafu ofotetsera muli tsamba lokwana makilo 41,000, ndipo pakati pake pali makilo 7,500 amene amayenera kudulidwa usiku womwewo. Ali mu thirafu 3, 4 ndi 5. Tsamba limenelo linalowa dzulo 11 koloko m'mawa, kutanthauza kuti lagona maola 19. Ndaligwira ndekha pobwera. La mu 3 ndi 4 lidakali bwino, ukalifinya m'manja likufewa ngati nsalu, koma la mu 5 layamba kutentha pakati ndipo m'mphepete mwayamba kufiira. Choyamba kulowa m'makina lero ndi thirafu 5, kenako 3 ndi 4. Musatenge thirafu imene ili pafupi ndi chute yotsitsira tsamba chifukwa choti ili pafupi. Lofiira lenilenilo litoleni ndi manja muliike padera, ndidzalione ndisananene kuti lipite kuti.

Nkhani yachiwiri ndi ya magetsi, ndipo ndi imene ikulamulira tsiku lathu lonse. Ofesi yalandira uthenga woti athima kuyambira 10 koloko mpaka 2 koloko masana. Jenereta yathu mukuidziwa. Imanyamula laini imodzi, choumitsira chimodzi, makina osefera ndi theka la mafani a m'mathirafu. Mukaiwonjezera china imadzithimitsa yokha, zonse n'kuimira limodzi. Ndiye laini yoyamba iyenda tsiku lonse, koma yachiwiri isiye kudula 8:20. Ena mukudabwa kuti bwanji mofulumira chonchi pamene magetsi akuchoka 10. Werengani. Tsamba likadulidwa limakhala pa lamba wofiiritsira mphindi ngati 70, kenako limatenga mphindi zina zoposa 20 mu choumitsira. Limene lidulidwe 9 koloko pa laini yachiwiri magetsi adzalipeza lili panjira, lopanda koliumitsira, ndipo tsamba lodula kale silisiya kufiira chifukwa choti makina aima. Limapitirira mpaka kuda, tiyi wake n'kukhala wozizira m'kamwa, wopanda mphamvu. Tinataya wotero mwezi watha, mukukumbukira fungo lake.

Tikawerenga bwino, lero tidula makilo pafupifupi 25,000, osati 41,000. Tiyi wouma atuluka makilo ngati 5,500, poti makilo anayi ndi theka a tsamba amatipatsa kilo imodzi. Otsalawo ndi a shifiti ya masana, ndipo ndalankhula kale ndi abwana, akudziwa. Ndikunena izi poyera kuti pasapezeke munthu wothira tsamba mowirikiza pa lamba pofuna kupulumutsa chiwerengero. Mukadzaza makina odulira, tsamba limatentha, limatuluka losaduka bwino, choumitsira chimalephera kulimaliza, mapeto ake ndi mitsitsi ndi tiyi wachinyezi. Palibe amene afunsidwe lero chifukwa chodula makilo ochepa. Amene afunsidwe ndi amene atulutse tiyi woti tibwezenso pamoto.

Izi zikundifikitsa kwa inu a ku choumitsira. Tiyi wa dzulo madzulo atamuyeza anapezeka ndi chinyezi cha 4.5 peresenti, pamene ife timafuna 3. Matumba 18 aikidwa pambali, ali ndi chizindikiro chofiira cha choko, ndipo abwerera mu choumitsira magetsi akabwera, osati nthawi ya jenereta. Sindikuloza chala munthu, chifukwa gwero lake ndaliona. Nkhuni za bulugama zimene zinabwera Loweruka n'zaziwisi, zinanso zanyowa ndi mvula, ndiye nthunzi imangokwera n'kutsika. Bambo a ku boyila, yambani ndi mulu wakale uli pansi pa shedi. Zatsopanozo muzisakaniza pang'onopang'ono, chikuni chimodzi chachiwisi pa zouma zitatu, ndipo anyamata awiri azisendeza zonyowazo pafupi ndi khoma la boyila kuti ziziuma tikugwira ntchito. Mukaona muvi wa nthunzi ukutsika, tumizani mawu ku choumitsira nthawi yomweyo, musadikire kuti aone okha. Inu a ku choumitsira, kutentha kukatsika chepetsani tsamba lolowa. Muziyeza chinyezi theka la ola lililonse n'kulemba m'buku nthawi yomwe mwayezayo. Buku la dzulo lili ndi manambala asanu ndi atatu olembedwa ndi cholembera chimodzi, dzanja limodzi, onse 3.0. Ine ndinagwirapo pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi, ndikudziwa mmene buku lolemba poweruka limaonekera.

Pa nthawi yosinthira ku jenereta pamakhala mphindi zitatu kapena zinayi zopanda mphepo. Tiyi amene wakhala phee pa chitsulo chotentha amapserera. Ikamakwana 9:50 chepetsani zolowetsa pa laini yoyamba, ndipo magetsi akathima tsegulani zitseko za choumitsira. Tiyi amene atuluke koyambirira jenereta ikalira muike m'bini yakeyake, olawa tiyi akamuone kaye.

A m'mathirafu, tsamba latsopano liyamba kufika cha m'ma 10, ndipo lifika lonyowa. Mvula yagwa usiku wonse mbali ya kuphiri, msewu wa kwa alimi ang'onoang'ono waterera, moti mathirakitala akhoza kufika atatu nthawi imodzi. Musasiye tsamba m'matumba pa ngolo. Likakhala mothinana limadziwotcha lokha. Tsitsani, pimitsani pa sikelo, yalani mopyapyala, ndipo muziliwinduka ndi manja, osaponda ndi mapazi. Mafani ochepa amene tidzakhale nawo apite kumene kuli tsamba lonyowa. Lofota kale lingathe kudikira ndi mphepo yochepa. A kalaliki, pa sikelo muziona bwino. Sabata ino mukulowa zikhakha ndi timitengo tambiri. Ife timafuna masamba awiri ndi nsonga, atatu ngati ndi anthete. Thumba limene lachuluka zokhwima lilembeni nambala ya munda, a kumunda akalankhule ndi anthu awo. Musakangane ndi madalaivala, iwo sathyola tiyi.

Tsopano chinthu chimene chandisowetsa tulo. Usiku, maginito a kumapeto kwa choumitsira agwira kawashala ndi tizidutswa tiwiri ta waya. Kawashalako sitinadziwe kumene kachokera, ndipo kuganiza kwanga n'kwakuti kanagwa pokonza lamba uja. Amakanika, musanalize laini yachiwiri werengani zida zanu ndi mabawuti onse amene munamasula. Maginito onse apukutidwe ola lililonse, chimene mwapeza muike m'kabotolo kali pa tebulo langa ndi kapepala ka nthawi. Kachitsulo kamodzi kakapezeka m'thumba kwa wogula kunja, sabweza thumba limodzilo. Amakayikira katundu yense wochokera pa fakitale ino, ndipo mtengo wathu ku okushoni ya ku Limbe umagwa kwa miyezi. Chimodzimodzi ndolo, mphete, mawotchi, mapini a m'tsitsi ndi mafoni, zonse zitsale m'malokala. Amene wadzola mafuta onunkhira akasambe m'manja ndi m'mikono asanayandikire tiyi. Musaseke, tiyi amakoka fungo kuposa ufa.

Amayi a kosefera, tiyi wa giredi ya PF1 wa dzulo anali ndi mitsitsi yambiri. Sefa yachiwiri yang'ambika pakona, yatsopano ili ku sitolo, isinthidwe musanayambe. Lole ya ku Limbe ifika 1 koloko kudzatenga matumba 120: a PF1 80, a PD 40. Matumba 95 ndi omata kale, atsala 25. Onani nambala ya pa thumba ifanane ndi ya pa pepala la ofesi, sabata yatha tinatsitsa lole yonse chifukwa cha nambala imodzi. Denga la kosungira likudonthanso pakona ya kumadzulo. Ndaika ndowa, koma mapaleti awiri amene ali pamenepo asunthidwe pompano, ndipo thumba lililonse lisakhudze simenti kapena khoma.

Anthu tachepa ndi atatu. Awiri akudwala malungo, ndipo mnzathu wa ku mathirafu wapita ku maliro a malume ake ku Phalombe. Chipepeso tisonkha pa nkhomaliro monga mwa nthawi zonse, kalaliki ali ndi pepala. Laini yachiwiri ikaima 8:20, anthu ake asabalalike. Atatu atsuke makina, otsalawo apite ku mathirafu kukathandiza kutsitsa tsamba. Tili ndi achimwene awiri atsopano amene ayamba dzulo, awo aima apowo. Takulandirani. Lero muyenda ndi achikulire a kosefera, ndipo simukhudza batani lililonse, ngakhale wina akutumeni.

Za kutsuka makinazo ndiime pang'ono. Lachisanu ndinapeza munthu akuchotsa tsamba pa mano a makina odulira ndi kamtengo, makina akuzungulira. Sindimutchula, akudzidziwa, ndipo tinakambirana kale. Mano amenewo amadula tsamba kukhala timibulu tating'ono ngati mchenga, ndiye ganizani chimene angachite ndi chala. Kamtengo kakakokedwa, dzanja limatsatira musanaganize zokasiya. Makina athimitsidwe, loko akhomedwe pa swichi, kiyi akhale m'thumba mwa amene akutsukayo. Lero n'zoopsa koposa chifukwa magetsi akhoza kubwera nthawi isanakwane, makina amene mumayesa kuti afa n'kudzuka muli mkati. Chotchinga cha tcheni cha laini yachiwiri chibwezeretsedwe, ndachiona chili pansi. Pansi paterera paliponse ndi matope a m'magambuti, kolopani pafupipafupi, makamaka pa masitepe okwerera ku mathirafu. A kosefera valani zotseka pamphuno, a kodulira zotseka m'makutu. Amene zake zatha andipeze tikangomaliza pano.

Mwati chiyani bambo? Za maola owonjezera a sabata yatha? Ndinapereka mapepala Lachisanu, asainidwa, alowa pa malipiro a mwezi uno. Amene akuona kuti maola ake sanakwane abwere ndi khadi lake pa nkhomaliro tiwerengere limodzi, osati pano.

Nkhomaliro tidya mosinthana, gulu loyamba 11:30, lachiwiri 12 koloko, kuti laini yoyamba isaime. Lachinayi kubwera alendo oyendera ukhondo, koma zimenezo tikambirana mawa. Chilichonse chikavuta ndili pakati pa choumitsira ndi boyila mpaka 10 koloko, kenako mundipeza ku sikelo.

Nthawi ndi 6:09. A thirafu 5, tsogolani.